Mmene Mungawerengere Fezi Dayagilamu ya Madzi ndi ya Kaboni Dayokisaidi

Ophunzira ambiri amene ndawaona akuvutika ndi fezi dayagilamu amayamba ndi kuloweza. Amaloweza kuti mzere wa madzi umapendekera kumanzere, wa CO₂ kumanja, kenako funso likangosintha pang'ono amasowa pogwira. Fezi dayagilamu ndi chithunzi chosonyeza mkhalidwe wa chinthu, kaya cholimba, chamadzimadzi kapena gasi, pa tempiricha ndi pulesha yakutiyakuti. Chithunzichi ndi mapu. Mumaika chala pamalo amene mwauzidwa, n'kuyendetsa chalacho molunjika, n'kuona mizere imene mwadumpha. Mafunso a tiripo poyinti ndi a kiritiko poyinti nawonso amayankhidwa ndi chala chomwechi.

Tengani pepala, pensulo ndi rula, muzijambula pamene mukuwerenga.

Gawo loyamba: dziwani zimene zili m'mbali

Mzere wogona pansi umasonyeza tempiricha, ndipo ikukwera mukamapita kumanja. Mzere woima umasonyeza pulesha, ndipo ikukwera mukamapita m'mwamba. Musanachite china chilichonse, yang'anani miyeso imene yalembedwa. Tempiricha ikhoza kukhala mu °C kapena mu K, pulesha mu atm, kPa, MPa kapena bar. Sungani izi pambali pa pepala: 1 atm ndi 101.325 kPa, ndipo kuti musinthe °C kukhala K mumawonjezera 273.15.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Zithunzi zambiri za m'mabuku sizinajambulidwe motsata sikelo. Pa chithunzi cha madzi, mtunda wochoka pa 0.006 atm kufika pa 1 atm umaoneka ngati wofanana ndi wochoka pa 1 atm kufika pa 218 atm. Ojambula amafinya malo ena n'kutambasula ena kuti zonse zikwane pa tsamba limodzi. Choncho musayeze ndi rula n'kumati pakatipa ndi theka. Dalirani manambala amene alembedwa.

Gawo lachiwiri: tchulani zigawo zitatu ndi mizere itatu

Mizere itatu imagawa chithunzi m'zigawo zitatu. Simufunika kuloweza kuti chigawo ichi n'chiti, mutha kudzipezera nokha. Kumene kukuzizira kwambiri, kumanzere, chinthu chimakhala cholimba. Kumene kukutentha koma pulesha ili yochepa, pansi chakumanja, chimakhala gasi, chifukwa palibe chofinya mamolekyu kuti akhale pamodzi. Chigawo chotsala, chimene chalowa pakati ngati mphanda chakumtunda, ndi cha chamadzimadzi.

Mzere uliwonse ndi malire amene mikhalidwe iwiri imakhalira limodzi popanda wina kugonjetsa unzake. Pa malire a cholimba ndi chamadzimadzi pamachitika kusungunuka ndi kuundana. Pa malire a chamadzimadzi ndi gasi pamachitika kuwira ndi kubwerera kwa nthunzi kukhala madontho. Pa malire a cholimba ndi gasi, cholimba chimasanduka gasi osayamba chasungunuka, zimene zimatchedwa sabulimeshoni. Ngati malo amene funso lakupatsani agwera pa mzere penipeni, yankho ndi mikhalidwe iwiri. Ambiri amataya malikisi pamenepa chifukwa amasankha mbali imodzi.

Gawo lachitatu: lembani manambala a malo awiri

Tiripo poyinti ndi mphambano pamene mizere yonse itatu yakumana. Kiritiko poyinti ndi pamene mzere wa chamadzimadzi ndi gasi wathera, kumtunda chakumanja.

Madzi: tiripo poyinti ili pa 0.01 °C ndi 0.006 atm, imene ndi 0.61 kPa. Kiritiko poyinti ili pa 374 °C ndi 218 atm.

CO₂: tiripo poyinti ili pa −56.6 °C ndi 5.11 atm. Kiritiko poyinti ili pa 31 °C ndi 73 atm.

Pa manambala onsewa, amene ndimafuna muwayang'anitsitse ndi 0.006 atm ndi 5.11 atm. Mpweya umene tikukhalamowu umafinya zinthu ndi pulesha ya pafupifupi 1 atm. Mphambano ya madzi ili pansi kwambiri pa 1 atm, pamene ya CO₂ ili pamwamba pake kasanu. Kusiyana kwa khalidwe la zinthu ziwirizi kumene timakuona ndi maso kumachokera pomwepa.

Gawo lachinayi: yendani mogona, kutenthetsa pulesha isakusintha

Funso likati chinthu chikutenthetsedwa pa pulesha yakutiyakuti, jambulani mzere wogona pa pulesha imeneyo, muyende kuchokera kumanzere kupita kumanja. Koma musananyamuke, funsani funso limodzi: kodi mzere wangawu wadutsa pamwamba pa mphambano kapena pansi pake? Ukadutsa pamwamba, mupyola m'chigawo cha chamadzimadzi. Ukadutsa pansi, chamadzimadzi simuchiona n'komwe, chifukwa chigawo chake chimayambira pa mphambano kupita m'mwamba.

Tiyambe ndi madzi pa 1 atm, kuchokera pa −20 °C. Chala chili m'chigawo cha aisi. Chikafika pa 0 °C chikudumpha mzere woyamba, aisi akusungunuka. Chikafika pa 100 °C chikudumpha wachiwiri, madzi akuwira. Izi timazidziwa kale, ndipo n'chifukwa chake ndi zabwino kuyesera dzanja. Tempiricha ziwirizi ndi zimene funso limatanthauza likati malo osungunukira kapena owirira a nthawi zonse: pamene mzere wa 1 atm wadula malire.

Tsopano CO₂ pa 1 atm, kuchokera pa −100 °C. Mzere wathu uli pansi pa 5.11 atm, ndiye tikudziwiratu kuti tidumpha malire amodzi okha. Timawadumpha pa −78.5 °C, pamene cholimba chimasanduka gasi. Ikani kachidutswa ka CO₂ youndana m'mbale, mubwere patapita nthawi: kachidutswako kachepa kapena katheratu, koma mbale ili gwa, youma, yopanda dontho ngakhale limodzi. N'chifukwa chake imatchedwa aisi wouma. Utsi woyera umene umatsetsereka kuchokera m'mbalemo si CO₂ ayi, poti gasi ameneyu saoneka. Ndi timadontho ta madzi a mumpweya timene tapangika chifukwa cha kuzizira. Ndipo kachidutswako musakagwire ndi dzanja lopanda chophimba, kamawotcha khungu.

Funso limene limakola anthu ndi lakuti: kodi CO₂ imawira pa tempiricha yanji pa 1 atm? Yankho ndi lakuti siwira, chifukwa pa pulesha imeneyo kulibe CO₂ yamadzimadzi yoti iwire.

Kwezani mzere ufike pa 10 atm, muyambirenso pa −100 °C. Tsopano tili pamwamba pa mphambano. Pafupi ndi −56.5 °C cholimba chikusungunuka, tikupeza CO₂ yamadzimadzi yoyera mbee ngati madzi. Tikupitiriza kutenthetsa, ndipo pafupi ndi −40 °C ikuwira. Onani kuti njira ya chamadzimadzi pano ndi yaifupi, madigiri 16 kapena 17 okha. Mukakwera pulesha njirayo imatalika, mukatsikira ku 5.11 atm imafupika mpaka kutsekeka pa mphambano.

Madzi nawonso amachita ngati aisi wouma mukawatsitsa pansi pa mphambano yawo. Pa 0.003 atm, aisi akatenthetsedwa amasanduka nthunzi osasungunuka. Umu ndi mmene amaumitsira mankhwala ena osafuna kutentha: amawaundanitsa, n'kupopa mpweya m'chipinda cha makina mpaka pulesha itsike pansi pa 0.61 kPa, kenako n'kupereka kutentha pang'onopang'ono kuti aisi achoke ngati nthunzi.

Gawo lachisanu: yendani choimirira, kufinya tempiricha isakusintha

Apa ndi pamene madzi ndi CO₂ zimasiyana njira, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Yang'anani mzere umene ukuchoka pa mphambano kupita m'mwamba, wolekanitsa cholimba ndi chamadzimadzi. Wa CO₂ umapendekera kumanja, monga zilili ndi zinthu zambiri. Wa madzi umapendekera kumanzere. Chifukwa chake n'chosavuta: pulesha ikakwera, chinthu chimathawira ku mkhalidwe umene umatenga malo ochepa. Lita imodzi ya aisi imalemera magalamu 917, pamene lita imodzi ya madzi ozizira imalemera pafupifupi magalamu 1000. Madzi ndiwo othinana kuposa aisi, n'chifukwa chake aisi amayandama, ndipo mukamufinya aisi amasungunuka. Ku CO₂ zinthu n'zotembenuka. Pafupi ndi mphambano, lita ya cholimba imalemera pafupifupi makilogalamu 1.5, ya chamadzimadzi pafupifupi 1.2. Mukafinya chamadzimadzi chimaundana.

Choncho funso likakupatsani chithunzi cha chinthu chosatchulidwa dzina n'kufunsa ngati cholimba chake chingamire kapena kuyandama m'chamadzimadzi chake, jambulani kamzere koima kodutsa malirewo. Mkhalidwe umene uli pamwamba ndiwo wothinana kwambiri. Ngati pamwamba pali cholimba, chimira. Ngati pamwamba pali chamadzimadzi, cholimba chiyandama.

Tichite funso lonse. Muli ndi nthunzi ya madzi pa −10 °C, pulesha ili 0.001 atm. Mukuifinya pang'onopang'ono mpaka 1500 atm, tempiricha osaisintha. Chichitike n'chiyani?

Ikani chala pa −10 °C, pansi penipeni. Muli kumanzere kwa mphambano, m'chigawo cha gasi. Kwerani. Malire oyamba amene mukumana nawo ndi a gasi ndi cholimba, pa 0.26 kPa, imene ndi pafupifupi 0.0026 atm. Nthunzi ikusanduka aisi mwachindunji. Pitirizani kukwera. Mudutsa 1 atm, 100 atm, 500 atm, akadali aisi. Koma poti mzere wosungunukira wapendekera kumanzere, ukubwera kudzakudutsani kutsogolo. Mukapitirira pang'ono 1000 atm mukuudumpha, aisi akusungunuka ngakhale kukuzizira −10 °C. Ndondomeko yake ndi gasi, cholimba, chamadzimadzi.

Yesaninso ndi CO₂ pa −50 °C, kuyambira pa 1 atm. Pano muli kumanja kwa mphambano pang'ono. Mukakwera kufika pafupi ndi 6.7 atm gasi akusanduka chamadzimadzi. Mzere wosungunukira wapendekera kumanja, ndiye nawonso ukudutsani kutsogolo, mukangopitirira 300 atm. Chamadzimadzi chikuundana. Ndondomeko yake ndi gasi, chamadzimadzi, cholimba. Mukanayambira pa −60 °C, kumanzere kwa mphambano, mukanapeza gasi kenako cholimba basi, ndipo kaya mufinye bwanji sichikanasungunuka, poti mzerewo ukuthawira kumanja.

Kupendekeka kwa mzere wa madzi m'mabuku n'kokokomeza kuti kuoneke. Zoona zake n'zakuti pamafunika pafupifupi 134 atm kuti malo osungunukira a aisi atsike ndi digiri imodzi yokha. Utajambulidwa motsata sikelo, mzerewo ungaoneke woongoka ngati mtengo. Ndipo supitirira kumanzere mpaka kalekale. Pafupi ndi −22 °C ndi pulesha yoposa pang'ono 2000 atm pamabadwa mtundu wina wa aisi wothinana kuposa madzi, ndipo malirewo amakhotera kumanja. Chithunzi cha m'kalasi chimangothera pansi pa malo amenewo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mafunso a tiripo poyinti

Pa mphambano, cholimba, chamadzimadzi ndi gasi zimakhala limodzi mokhazikika. Ndi tempiricha imodzi ndi pulesha imodzi, zonse ziwiri pa nthawi yomweyo. Mukalemba tempiricha yokha mwayankha theka.

Pali lamulo la Gibbs limene limafotokoza chifukwa chake ndi kadontho osati mzere:

```
F = C − P + 2
```

C ndi kuchuluka kwa zinthu zosiyana zimene zilipo, P ndi kuchuluka kwa mikhalidwe imene ili limodzi, F ndi kuchuluka kwa zimene mungasinthe mwaufulu mikhalidweyo osatayika. Pa madzi okhaokha C ndi 1. Mkati mwa chigawo P ndi 1, ndiye F ndi 2: mutha kusuntha tempiricha ndi pulesha paokhapaokha. Pa mzere P ndi 2, F ndi 1: mukasankha tempiricha, pulesha yasankhidwa kale. Pa mphambano P ndi 3, F ndi 0. Palibe choti musankhe. Kukhazikika kumeneku ndiko kunachititsa kuti kuyambira 1954 mpaka 2019 kelivini, muyeso wa tempiricha uja timaulemba kuti K, izitanthauziridwa potengera tiripo poyinti ya madzi, imene inaikidwa pa 273.16 K.

Funso labwino kwambiri pa mutuwu ndi ili: mwawonjezera kutentha pang'ono m'botolo lotseka limene lili pa mphambano, kodi tempiricha ikwera? Ayi. Aisi wina asungunuka, kuchuluka kwa mikhalidwe itatuyo kusintha, koma tempiricha ndi pulesha zikhala pomwepo mpaka umodzi mwa mikhalidweyo utatheratu. Mphambano simakuuzani kuti aisi ndi wochuluka bwanji, kapena kuti zitatuzo n'zofanana muyeso.

Musasokonezenso 0.01 °C ndi 0 °C. Kusiyanako n'kochepa koma n'koona, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanako ikuchokera ku kupendekeka kuja: mukakwera kuchoka pa 0.006 atm kufika pa 1 atm, mzere wasunthira kumanzere pang'ono. Mbali yotsalayo imabwera ndi mpweya umene umasungunuka m'madzi akakhala poyera.

Mwina mukufunsa kuti, nanga bwanji aisi wosiyidwa nthawi yaitali m'firiji amachepa osasungunuka, chikhalirecho pulesha ndi 1 atm, pamwamba pa mphambano? Funso limeneli ndimalikonda, chifukwa limaonetsa polekezera pa chithunzichi. Fezi dayagilamu ndi ya chinthu chimodzi chokha, popanda mpweya wina wosakanikirana. M'firiji muja 1 atm yambiri ndi ya naitirojeni ndi okosijeni. Chimene chimalamulira ngati aisi atuluke nthunzi ndi gawo la pulesha limene ndi la nthunzi ya madzi yokha, ndipo mumpweya wouma wozizira gawo limenelo limakhala pansi pa mzere wa sabulimeshoni.

Gawo lomaliza: mafunso a kiritiko poyinti

Tsatirani mzere wowirira kupita kumanja. Pamene mukukwera, chamadzimadzi chikufutukuka chifukwa cha kutentha, gasi wa pamwamba pake akuthinana chifukwa cha pulesha. Ziwirizi zikunka zifanana. Pa kiritiko poyinti zimafanana ndendende, ndipo mzere umatha chifukwa palibenso zinthu ziwiri zoti zilekanitsidwe. Pa madzi, lita imodzi pamalo amenewa imalemera pafupifupi magalamu 322 okha.

Ndi CO₂ izi zimaoneka ndi maso, poti 31 °C si patali. M'kachubu kagalasi kolimba kotsekedwa, kokhala ndi CO₂ yamadzimadzi pafupifupi theka, mumaona kamzere kolekanitsa chamadzimadzi ndi gasi. Mukakaviika m'madzi ofunda, kamzereko kamayamba kuphwatalala, n'kuzimiririka, m'kati mumachita chifunga kwa kanthawi, kenako kachubu konse kamayera popanda malire alionse. Mukakazizitsa chifunga chimabwerera, kamzere n'kutulukiranso. Thomas Andrews ndiye anafufuza zimenezi mozama pa CO₂, ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 1869.

Lamulo logwira ntchito ndi ili: pamwamba pa tempiricha ya kiritiko, palibe pulesha imene ingasandutse gasi kukhala chamadzimadzi chokhala ndi malire ake. Ndiye funso likati kodi CO₂ ingasandutsidwe yamadzimadzi pa 25 °C, jambulani mzere woima pa 25. Uli kumanzere kwa 31, udula mzere wowirira, yankho ndi inde. Pa 40 °C mzere wanu woima ukudutsa kumanja kwa pothera, sudula malire amenewa. CO₂ ingothinana pang'onopang'ono osapanga dontho.

Chinthu chimatchedwa supakiritiko ngati tempiricha ndi pulesha zonse ziwiri zapitirira za kiritiko poyinti. Jambulani mizere iwiri yodukizadukiza kuchokera pa kadonthoko, wina kupita m'mwamba, wina kupita kumanja. Ngodya imene yatsekeredwa kumtunda chakumanja ndiyo supakiritiko. Tiyese malo atatu a CO₂. Pa 40 °C ndi 100 atm zonse zapitirira, ndi supakiritiko, mkhalidwe umene amachotsera kafeini mu khofi. Pa 40 °C ndi 50 atm tempiricha yokha ndiyo yapitirira, ndi gasi. Pa 20 °C ndi 100 atm pulesha yokha ndiyo yapitirira, ndi chamadzimadzi chofinyidwa. Malo achitatuwa ndi amene ambiri amalakwitsa akangoona nambala yaikulu ya pulesha. Mizere yodukizadukizayo si malire enieni, mukaidumpha palibe chimene chimawira kapena kuundana.

Kuchokera pamenepa pamatuluka funso lokoma: kodi mungachoke ku gasi kufika ku chamadzimadzi osadumpha mzere? Mungathe, pozungulira. Yambani ndi CO₂ pa 20 °C ndi 1 atm. Tenthetsani mpaka 50 °C. Finyani mpaka 100 atm. Zizitsani kubwerera pa 20 °C pulesha ili yomweyo. Mwafika m'chigawo cha chamadzimadzi, koma panjira yonse simunaone dontho likupangika. Mphambano ilibe njira yozungulira yotereyi, ndipo mzere wosungunukira ulibe pothera pofanana ndi kiritiko poyinti.

Chitsanzo chomaliza ndi silinda ya CO₂ yozimitsira moto. Pa 20 °C m'kati mwake muli chamadzimadzi pansi ndi gasi pamwamba, kutanthauza kuti ili pa mzere wowirira penipeni, pa pulesha ya pafupifupi 57 atm. F ndi 1, tempiricha yasankha kale pulesha. Mutulutse theka la CO₂, mudikire kuti silinda ibwerere pa 20 °C, pulesha ibwereranso pa 57 atm, chifukwa chamadzimadzi china chawira kudzaza malowo. Imayamba kutsika pokhapokha dontho lomaliza litatha. N'chifukwa chake pofuna kudziwa zotsala m'silinda yotereyi amaiyeza pa sikelo, geji singakuuzeni. Ndipo mukaitsegula, CO₂ imagwa kuchoka pa 57 atm kufika pa 1 atm, kudutsa pansi pa 5.11 atm pamene chamadzimadzi sichingakhale. Gawo lina limasanduka gasi, limatenga kutentha kwa linzake, ndipo lotsalalo limatuluka pakamwa pa chozimitsiracho ngati ufa woyera wozizira −78.5 °C.